Matokeni Akamasulidwa: Zimene Tchati cha Mtengo Chimaonetsa Tsikulo Lisanafike, Litafika ndi Litapita

Pa 16 Malichi 2024, matokeni a ARB okwana 1.11 biliyoni, amene anali atatsekeredwa kwa chaka chathunthu, anamasulidwa tsiku limodzi. Pa mtengo wa masiku amenewo anali katundu wa madola oposa 2 biliyoni. Palibe amene anadzidzimuka nazo, chifukwa tsikulo linalembedwa poyera chaka chimodzi m'mbuyomo, pamodzi ndi kuchuluka kwa matokeniwo komanso magulu a anthu owalandira. Koma ambiri mwa amene anagula ARB m'Januwale chaka chimenecho, mtengo uli pamwamba penipeni, anali asanawerengepo ndondomeko imeneyi. Pofika mu Ogasiti, tokeni imene anagula pa madola oposa 2 inali kugulitsidwa pa masenti pafupifupi 50.

Nkhani ya ARB ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa manambala ake onse ali poyera ndipo munthu angathe kuwawerengetsera yekha papepala. Imatisonyeza chinthu chimene ogula ndalama za kilipito ambiri amachinyalanyaza: mtengo wa tokeni sudalira chabe kuchuluka kwa anthu oifuna, umadaliranso kuchuluka kwa matokeni amene akubwera pamsika. Ndipo mbali yachiwiriyi, mosiyana ndi yoyamba, imadziwikiratu.

Chifukwa chake matokeni amatsekeredwa

Kampani ikapanga tokeni yatsopano, simaitulutsa yonse pamsika nthawi imodzi. Imaigawa m'magawo. Gawo lina limapita kwa anthu wamba amene akhala akugwiritsa ntchito luso la kampaniyo, lina kwa antchito ndi alangizi, lina kwa anthu ndi makampani amene anaikamo ndalama pachiyambi, ndipo lina limasungidwa m'thumba la chitukuko. Antchito ndi oikamo ndalama atapatsidwa matokeni awo onse tsiku loyamba, angathe kuwagulitsa sabata yomweyo n'kuchoka, kusiya ogula atsopano ali manja m'khosi. N'chifukwa chake matokeni awo amatsekeredwa, kawirikawiri m'pulogalamu ya pabulokotcheni kapena kwa kampani yosunga katundu, ndipo amamasulidwa motsata ndondomeko imene inalengezedwa.

Kamasulidwe kake kali ndi njira ziwiri zodziwika. Yoyamba, anthu a m'malonda amenewa amaitcha klifu: kwa nthawi yaitali, kawirikawiri chaka, sipatuluka ngakhale tokeni imodzi, kenako tsiku limodzi mulu waukulu umamasulidwa pamodzi. Yachiwiri ndi yomasula pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi kapena tsiku ndi tsiku, mlingo wofanana nthawi zonse. Makampani ambiri amaphatikiza ziwirizi, ndipo umu ndi mmene zinalili ndi ARB.

Manambala a Arbitrum

Arbitrum ndi njira yotumizira ndalama ndi kuyendetsera mapulogalamu motsika mtengo pamwamba pa bulokotcheni ya Ethereum. Inapangidwa ndi kampani ya ku America yotchedwa Offchain Labs. Tokeni yake, ARB, inatuluka m'Malichi 2023, ndipo matokeni onse analipo 10 biliyoni. Mwa amenewa, 1.275 biliyoni anagawidwa mwaulere kwa anthu ndi magulu amene ankagwiritsa ntchito Arbitrum, ndipo ndi amenewa amene anayamba kugulitsidwa pamsika. Antchito a Offchain Labs ndi alangizi awo anapatsidwa 2.694 biliyoni. Oikamo ndalama anapatsidwa 1.753 biliyoni. Otsalawo anali oposa 4 biliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anaikidwa m'thumba limene eni matokeni amalilamulira povota.

Matokeni a antchito ndi a oikamo ndalama, onse pamodzi 4.447 biliyoni, anatsekeredwa motere: chaka choyamba palibe chotuluka, chikatha chaka gawo limodzi mwa magawo anayi limasulidwe tsiku limodzi, ndipo otsalawo azituluka mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu. Tikagawa pa 4, antchito analandira 673.5 miliyoni ndipo oikamo ndalama 438.25 miliyoni. Kuphatikiza ziwirizi ndi kumene kunapereka 1.11 biliyoni ya pa 16 Malichi 2024. Otsalawo tikawagawa pa miyezi 36, tipeza matokeni pafupifupi 92.65 miliyoni amene amamasulidwa pa 16 mwezi uliwonse mpaka Malichi 2027.

Taonani tsopano kukula kwa zimene zinachitikazo. Pamsika panali matokeni 1.275 biliyoni, ndipo tsiku limodzi anthu ena anapatsidwa ufulu wogulitsa matokeni 1.11 biliyoni. Kumeneku ndi kuwonjezera matokeni 87 pa 100 alionse amene analipo. Masamba ena owerengera zinthuzi analemba 76 pa 100, chifukwa iwo anawerengera kumodzi matokeni amene anali atatuluka kale m'thumba la chitukuko m'chaka chimenecho. Kusiyana kumeneku nakonso ndi phunziro: nambala ya matokeni amene ali pamsika imasiyana malinga ndi amene wawerenga, choncho ndi bwino kufananitsa ndi zimene eni tokeniyo analemba okha.

Tsikulo lisanafike

Munthu wosadziwa amayembekezera kuti mtengo udzakhala pomwepo mpaka tsiku lomasula, kenako udzagwa kamodzi n'kamodzi. Kawirikawiri sizitero. Aliyense amene anagulapo kapena kugulitsapo chimanga amadziwa kuti mtengo wake sudikira kuti matumba atsopano afike pamsika. Zikangodziwika kuti kumunda kwacha bwino ndipo kukolola kwayandikira, mavenda amene anasunga chimanga chakale amayamba kuchitulutsa msanga, ogula amayamba kugula pang'ono podikira chatsopano, ndipo mtengo umatsika zokolola zisanatuluke m'munda. Msika wa matokeni umachitanso chimodzimodzi, ndipo kumeneko tsiku lenilenilo limadziwika chaka chonse.

Pali magulu atatu amene amakankhira mtengo pansi tsikulo lisanafike. Loyamba ndi la anthu amene ali kale ndi tokeniyo ndipo akufuna kutuluka ena asanayambe kugulitsa. Lachiwiri ndi la ofuna kugula amene amaganiza zodikira kaye, poyembekezera kudzagula motsika. Gulu lachitatu ndi limene anthu wamba saliona, ndipo nthawi zambiri ndi lomwe lili ndi mphamvu: eni matokeni otsekeredwa enieniwo.

Funso ndi lakuti, munthu angagulitse bwanji chinthu chimene sanapatsidwe? Pamisika ikuluikulu ya kilipito pali mapangano obetcherana pa mtengo, amene munthu amatha kupindula nawo mtengo ukatsika, ngakhale alibe tokeni m'manja. Tiyerekeze kuti kampani ina ili ndi matokeni 1 miliyoni otsekeredwa, mtengo uli pa madola 2, ndipo kwatsala mwezi kuti amasulidwe. Kampaniyo ikuopa kuti pofika tsikulo mtengo udzakhala utatsika. Imalowa pangano lobetchera kutsika kwa matokeni 1 miliyoni pa madola 2. Mtengo ukatsika kufika pa dola 1.50, matokeni ake ataya madola 500,000, koma panganolo laipindulira madola 500,000 omwewo. Mtengo wa madola 2 yaukhomerera, ngakhale kuti sinagwire tokeni ndi imodzi yomwe. Koma kumsika, pangano limenelo likuoneka ngati kugulitsa, ndipo lakankhira mtengo pansi mwezi wathunthu tsikulo lisanakwane.

Zimenezi zimasiya chizindikiro. Pamisika ya mapangano oterewa pali kandalama kamene mbali imodzi imalipira inzake, kawirikawiri maola 8 alionse, kuti mtengo wa panganolo usatalikirane ndi mtengo weniweni. Pasikirini kamalembedwa kuti `Funding Rate`. Obetchera kukwera akachuluka, iwo ndi amene amalipira ndipo nambalayo imakhala pamwamba pa ziro. Obetchera kutsika akachuluka, nambalayo imalowa pansi pa ziro. Mukaona nambala imeneyi ili pansi pa ziro kwa masiku ambiri pamene tsiku lomasula layandikira, kwinaku kuchuluka kwa mapangano otseguka kukukwera, dziwani kuti kugulitsa kwina kwachitika kale mwa njira imeneyi.

Kampani ya Keyrock, imene ntchito yake ndi kugula ndi kugulitsa matokeni pamisika, inafufuza zochitika zoterezi zoposa 16,000 ndipo inatulutsa zotsatira zake kumapeto kwa 2024. Inapeza kuti pafupifupi 90 mwa 100 zilizonse zinakankhira mtengo pansi, ndiponso kuti kutsikako kumayamba pafupifupi masiku 30 tsikulo lisanafike. Kwa ARB, mtengo wapamwamba kwambiri, madola pafupifupi 2.39, unafikidwa pa 12 Januwale 2024, kutatsala miyezi iwiri. Kumayambiriro kwa Malichi, Bitcoin inali kuswa mbiri yake ndipo Ethereum inakwera kufika pa madola pafupifupi 4,000, koma ARB sinathe kudutsanso pamene inafika m'Januwale. Tokeni ikakanika kukwera pamene msika wonse ukukwera, chimenecho nachonso ndi chizindikiro, ngakhale kuti patchati sipaoneka kugwa kulikonse.

Pa tsiku lenilenilo

Kumasulidwa kwa tokeni si kugulitsidwa kwake. Mfundo imeneyi ndi imene imasokoneza anthu ambiri. Pa 16 Malichi 2024 anthu anapatsidwa ufulu wogulitsa matokeni 1.11 biliyoni, koma sanawagulitse onse tsiku limenelo, ndipo sakanatha kutero. Pamsika uliwonse pali mndandanda wa anthu amene akuyembekezera kugula, aliyense ndi mtengo wake. Wogulitsa wamkulu akathira katundu wake yense nthawi imodzi, amamaliza ogula a mtengo wapamwamba, kenako a mtengo wotsikirapo, mpaka amapezeka akugulitsa motaya. Amene ali ndi matokeni ochuluka amadziwa zimenezi. Amagulitsa pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi, mwina kudzera mwa makampani odziwa ntchitoyi, mwina amagwirizana ndi wogula mmodzi wamkulu kumbali, pamtengo wochotsera, malondawo osadutsa pamsika woonekera.

N'chifukwa chake tchati cha mtengo cha tsiku lomasula nthawi zambiri sichionetsa phompho limene anthu amaliyembekezera. Chimene chimaonekera msanga ndi timizere ta m'munsi mwa tchati, tosonyeza kuchuluka kwa malonda a tsikulo, timene timatalika kuposa masiku ena. ARB inali pamwamba pa madola 2 kutatsala masiku angapo, ndipo patapita masiku ochepa inali pansi pa dola 1.80. Kunali kutsika koonekeratu, koma kosafanana ndi pang'ono pomwe ndi kuwonjezeka kwa matokeniwo.

Pali tchati china chimene chimasinthiratu tsiku limenelo, ndipo chimapusitsa anthu. Masamba ngati CoinGecko ndi CoinMarketCap amaonetsa nambala yotchedwa `Market Cap`, imene imapezeka pochulukitsa mtengo wa tokeni imodzi ndi matokeni onse amene ali pamsika. Tiwerengetsere ndi manambala ozungulira. Tsikulo lisanafike, matokeni 1.275 biliyoni pa madola 2 akupereka madola 2.55 biliyoni. Litapita, matokeni ndi 2.387 biliyoni, ndipo pa dola 1.70 akupereka madola opitirira 4 biliyoni. Mtengo watsika ndi 15 pa 100, koma nambala ija yakwera ndi pafupifupi 60 pa 100, ndipo tokeniyo ingathe kukwera pamndandanda wa matokeni akuluakulu. Wongoyang'ana mndandanda angaganize kuti tokeniyo ikukula, pamene thumba la aliyense amene anali nayo lapepuka. Mukaona mzere wa nambala imeneyi utalumpha molunjika m'mwamba tsiku limodzi pamene mzere wa mtengo sunalumphe, musafunse zambiri: kwamasulidwa matokeni.

Pafupi ndi nambala imeneyo pamakhala ina yolembedwa `FDV`, imene imachulukitsa mtengo ndi matokeni onse, otsekeredwa omwe. Kwa ARB pa madola 2 inali madola 20 biliyoni. Mpata wa pakati pa 2.55 biliyoni ndi 20 biliyoni ndi katundu amene anali asanafike pamsika. Mpata umenewu ukakhala waukulu, ndiye kuti wogula lero ali ndi anthu ambiri kumbuyo kwake amene adzapatsidwe ufulu wogulitsa mawa.

Tsikulo litapita

Klifu ndi imene imalembedwa m'nyuzi, koma kumasula kwa mwezi ndi mwezi ndi kumene kumalemera kwa nthawi yaitali. Matokeni 92.65 miliyoni pa mwezi, poyerekeza ndi 2.387 biliyoni, ndi kuwonjezera pafupifupi 4 pa 100 m'mwezi woyamba. Mtengo ukakhala dola imodzi, ndipo olandirawo atasankha kugulitsa onse, pangafunike ogula atsopano obwera ndi madola oposa 92 miliyoni mwezi uliwonse kuti mtengo ungokhala pomwe uli. Ngakhale atagulitsa theka lokha, ndi ndalama zambiri zofunika kupezeka mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu.

Tingawerengetsere mpaka kumapeto. Pofika Malichi 2027, matokeni 4.447 biliyoni a antchito ndi oikamo ndalama adzakhala atamasulidwa onse. Kuphatikiza ndi 1.275 biliyoni oyamba aja ndi 5.722 biliyoni, osawerengera otuluka m'thumba la chitukuko. Kuti mtengo ukhalebe pa madola 2, msika uyenera kuona matokeni amenewa kukhala oyenera madola 11.4 biliyoni, pamene poyamba unali kunyamula 2.55 biliyoni yokha. Wogula pa madola 2 m'Januwale 2024, kaya ankadziwa kaya ayi, anali kubetchera kuti ndalama zofuna ARB zidzachuluka kuposa kanayi, kuti iye angobweza ndalama zake popanda phindu.

Patchati, kumasula kotereku sikuoneka ngati kugwa. Kumaoneka ngati kutsetsereka kwa miyezi yambiri, kumene kukwera kulikonse kumathera pansi pa kukwera kwapita, chifukwa mtengo ukangodzuka pamapezeka wina wokonzeka kugulitsa. Ndipo wogulitsayo sakhala ndi mantha a wogula wamba. Mu Ogasiti 2021, Offchain Labs inalengeza kuti yapeza madola 120 miliyoni kuchokera kwa oikamo ndalama. Tikagawa ndalama zimenezi ndi matokeni 1.753 biliyoni a gulu limeneli, tipeza masenti pafupifupi 7 pa tokeni. Uku ndi kuwerengetsa kongoyerekeza, chifukwa iwo anagula masheya m'kampani pa nthawi zosiyana ndi mitengo yosiyana, koma kukusonyeza kukula kwa mpatawo. Pamene ARB inatsika kufika pa masenti 50, wogula wa m'Januwale anali atataya magawo atatu mwa anayi a ndalama zake, koma amene analowa pachiyambi akanagulitsabe ndi phindu lowirikiza kangapo. Mtengo umene kwa wina ndi tsoka, kwa wina ukadali malonda abwino.

Kusiyanitsa ndi zochitika zina

Apa pafunika kusamala, chifukwa n'zosavuta kuona mtengo utatsika n'kuloza chala chinthu chimodzi. M'sabata ya 16 Malichi 2024 munachitika zambiri. Pa 13 Malichi, Ethereum inasintha kayendetsedwe kake m'njira imene inatsitsa mtengo wotumizira ndalama pa Arbitrum ndi anzake, ndipo ena amene anagula ARB poyembekezera tsiku limeneli anagulitsa litafika. Pa 14 Malichi, Bitcoin inafika pa madola opitirira 73,000 kenako inabwerera pansi, n'kukoka msika wonse. Pakati pa Epulo, Iran itaponya mizinga ku Israel, ndalama zonse za kilipito zinagwa, ndipo ARB inayandikira dola imodzi. Zonsezi zili m'mzere umodzi womwewo wa tchati.

Njira yolekanitsira ndi kusiya kuyeza tokeniyo ndi dola n'kuiyeza ndi ndalama ina yaikulu imene imayenda nayo limodzi. Kwa ARB, imeneyo ndi Ethereum, ndipo pamisika tchati chake chimalembedwa `ARB/ETH`. Pakati pa Januwale 2024, ARB ili pa madola 2.39, Ethereum inali pafupi ndi madola 2,600. Kumapeto kwa Ogasiti, Ethereum inali pafupi ndi madola 2,500, pafupifupi pomwe inali, koma ARB inali chapamasenti 50. Msika wonse sungafotokoze kusiyana kotereku. Kuchuluka kwa matokeni kukufotokoza gawo lalikulu, ngakhale si lonse. ARB imapatsa mwini wake mphamvu yovota, koma ndalama zolipirira ntchito pa Arbitrum zimaperekedwa mu Ethereum, choncho munthu angathe kugwiritsa ntchito Arbitrum tsiku ndi tsiku osagula ARB. Katundu ankachuluka, koma panalibe chokakamiza anthu kumugula.

Pamene mtengo ukwera m'malo motsika

Wina angaganize kuti ndiye wapeza njira yophweka yopangira ndalama: kubetchera kutsika tsiku lililonse lomasula. Nkhani ya Celestia ikusonyeza kuopsa kwa maganizo amenewo. Kumapeto kwa Okutobala 2024, matokeni a TIA pafupifupi 175 miliyoni anamasulidwa, kuwonjezera pafupifupi 80 pa 100 alionse amene anali pamsika. Kukula kwake kunali kofanana ndi kwa ARB. Koma TIA inali itatsika kale kuchoka pa madola pafupifupi 20 m'Febuluwale kufika pa madola pafupifupi 5, ndipo obetchera kutsika anali atachuluka kwambiri. Tsikulo linafika, mtengo unagwedezeka, koma sunagwe monga ambiri ankayembekezera, ndipo pofika kumayambiriro kwa Disembala unali utadutsa madola 8.

Zifukwa zake zikumveka tikakumbukira zimene taona kale. Amene anabetchera kutsika ayenera kutseka mapangano awo tsiku lina, ndipo kutseka pangano lotere ndi kugula. Choncho kugulitsa kumene kunachitika tsikulo lisanafike kumasanduka kugula litapita. Chachiwiri, matokeni ambiri a TIA anali ataikidwa pa ntchito yoteteza bulokotcheni yake kuti azibala phindu, ndipo kuwachotsa kumeneko kunkatenga masiku 21, motero sakanafika pamsika onse tsiku limodzi. Chachitatu, chisankho cha ku America cha pa 5 Novembala chitatha, msika wonse wa kilipito unakwera ndipo TIA inakwera nawo. Ndondomeko yomasulira imakuuzani kuchuluka kwa katundu amene akubwera ndi nthawi yake. Sikuuzani kuti ogula adzakhala angati tsikulo, kapena kuti gawo lanji la kutsikako lachitika kale.

Ndondomekoyo ingathenso kusinthidwa. Kumayambiriro kwa 2023, a dYdX anasuntha tsiku lomasula matokeni 150 miliyoni kuchoka m'Febuluwale kupita pa 1 Disembala chaka chomwecho, ndipo mtengo unakwera nkhaniyo itamveka. Koma matokeniwo sanathe, anangochedwetsedwa, ndipo Disembala itafika anamasulidwa ndithu.

Zofunika kuona musanagule

Zonsezi zingathe kusanduka mafunso anayi amene munthu angayankhe ndi foni yake m'kanthawi kochepa. Loyamba: mwa matokeni onse, ndi angati amene ali pamsika? Gawani nambala ya `Circulating Supply` ndi ya `Total Supply`. Kwa ARB m'chaka chake choyamba, yankho linali pafupifupi 13 pa 100, kutanthauza kuti matokeni 87 mwa 100 alionse anali asanabwere.

Lachiwiri: m'miyezi 12 ikubwerayi mumasulidwa angati, ndipo ndi gawo lanji la amene alipo? Musangoyang'ana tsiku limodzi lotsatira. Ndondomeko yonse imapezeka m'zolemba za eni tokeniyo, komanso pamasamba ngati DefiLlama ndi Tokenomist. Yerekezaninso mtengo wa matokeni omasulidwawo ndi malonda a tsiku limodzi a tokeniyo. Ngati akufanana ndi malonda a maola ochepa, msika ungawameze mosavuta. Ngati akufanana ndi malonda a masiku ambiri, kugulitsa kwake kudzatenga milungu, ndipo kudzaoneka patchati.

Lachitatu: akulandira ndani? Matokeni opita m'thumba la chitukuko angathe kukhala miyezi osasuntha, mpaka anthu atavota. Opita kwa oikamo ndalama amagulitsidwa mwadongosolo, ndipo ena amakhala atatetezedwa kale ndi mapangano aja. Opita kwa antchito ndi malipiro a anthu amene adikira nthawi yaitali, ali ndi misonkho ndi zofuna za pakhomo, ndipo kafukufuku wa Keyrock uja anapeza kuti kumasula kwa gulu limeneli ndi kumene kumatsitsa mtengo kwambiri.

Lachinayi: tsikulo litapita, matokeniwo apita kuti? Bulokotcheni ili poyera, ndipo kwa ARB munthu angaone kayendedwe ka matokeni pa Arbiscan. Tokeni imene yamasulidwa n'kukhala m'chikwama cha mwini wake sinakhudze mtengo. Imene yatumizidwa ku chikwama cha msika wogulitsira yafika pakhomo pa malonda. Ngakhale apa, kutumiza ku msika si umboni wonse wakuti yagulitsidwa, ndipo malonda a kumbali aja saonekera bwino, choncho chizindikirochi chiyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zinzake.

Mafunso amenewa sangakuuzeni mtengo wa mawa, ndipo aliyense wokulonjezani kuti ndi kalendala yomasulira yokha mungadziwe tsiku logula ndi logulitsa akukunamizani. Chimene angakupatseni ndi kudziwa amene mukugulitsana naye, mtengo umene iye analowera, ndi kuchuluka kwa katundu amene ali m'njira. Anthu a m'kati amadziwa manambala amenewa kuyambira tsiku loyamba, ndipo amakonzekera miyezi yambiri. Manambala omwewo ali poyera kwa inu, mwaulere. Musanaike ndalama zanu pa tokeni iliyonse, pezani ndondomeko yake yomasulira ndipo muiwerengetsere nokha. Ngati eni ake sanaiike poyera, musagule.